Novela pa Foni, Msika ku Zumbo: Kuphunzira Chipwitikizi ndi Mafilimu

(NYIMBO YOTSEGULIRA: IKWERE, KENAKA ITSIKE PANSI PA MAWU)

MUULUTSI: Omvera athu, inu a pa Boma pano pa Luangwa, a ku Katondwe, a kwa Mfumu Mburuma ndi kwa Mfumu Mphuka, ngakhalenso inu amene mukuyanika nsomba kumtunda kuja pa mlatho wa Luangwa, lero tikambirana za mafilimu ndi masewero a pa kanema, ndi momwe angatithandizire kudziwa chilankhulo chachilendo. Chilankhulo chimene tasankha ndi Chipwitikizi, chifukwa kuno sichili kutali. Ukaima pa doko n'kuyang'ana kutsidya la Luangwa, nyumba za ku Zumbo umazionera pomwepo. Ndili ndi aphunzitsi a zilankhulo. Takulandirani, Aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo, Mayi.

MUULUTSI: Ambiri kuno amawoloka n'kukagula nsomba polankhula Chikunda kapena Chinyanja, ndipo amamvana bwinobwino. Nanga Chipwitikizi n'chachiyaninso?

MPHUNZITSI: Pa msika mumamvanadi. Koma mukalowa mu ofesi ya pa malire, mukapatsidwa fomu, mukapita kuchipatala cha kutsidya, kapena malonda akakufikitsani ku Tete, chimene chalembedwa ndi kulankhulidwa ndi Chipwitikizi, poti ndicho chilankhulo cha boma ku Mozambiki. Ndipo ndilimbitse mtima omvera: chilankhulochi anthu a kuno sakuchiyamba lero. Dzina lakale la tauni ino, Feira, ndi liwu la Chipwitikizi lotanthauza msika. Amalonda olankhula Chipwitikizi anakhazikika ku Zumbo cha m'ma 1720, ndipo pamene David Livingstone anadutsa pa mathiriro pano mu 1856, anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Malondawo anasiya mawu m'kamwa mwathu. Nsapato, zenera, kalata, kama, chipewa, mbatata, kapitawo: onsewa ali ndi abale awo m'Chipwitikizi. Mukamva wina mufilimu akunena kuti “sapato” kapena “janela”, khutu lanu lizindikira lokha.

MUULUTSI: Tsono pali amayi kuno amene aonera novela za ku Brazil kwa zaka zambiri. Amadziwa amene anakwatira ndi amene ananamiza mnzake. Koma mukawafunsa Chipwitikizi, amangodziwa “obrigado” basi. Chalakwika n'chiyani?

MPHUNZITSI: Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu yonse. Munthu akamaonera sewero, maso ndiwo amagwira ntchito. Akaona mayi akulira, mwamuna akumenyetsa chitseko, nyimbo yachisoni ikulira, nkhani waimva kale, ndipo khutu limangopuma. Mawu amadutsa ngati phokoso la madzi pa miyala. Ndiye munthu akhoza kutha magawo 100 osatola chiganizo n'chimodzi chomwe. Chimene chimaphunzitsa si kuchuluka kwa maola oonera ayi. N'kubwerera ku kachigawo kamodzi kakafupi, kangapo, mpaka khutu litayamba kumva pamene liwu lina lathera ndi pamene lina layambira.

MUULUTSI: Tisanafike pa kachigawoko, munthu asankhe chiyani choti aonere?

MPHUNZITSI: Asankhe sewero limodzi la magawo ambiri, la moyo wa tsiku ndi tsiku, n'kukhala nalo. Chifukwa chake n'chakuti m'sewero limodzi anthu ake ndi omwewo, nyumba ndi yomweyo, mikangano ndi yomweyo, choncho mawu omwewo amabwera mobwerezabwereza. Mwachitsanzo, novela ya ku Brazil yotchedwa Avenida Brasil, ya mu 2012, ili ndi magawo 179. Munthu amene wazolowera mawu a anthu ake m'magawo khumi oyamba amapeza kuti otsatirawo akupepuka. Koma amene lero aonera filimu ya nkhondo, mawa ya apolisi, mkuja ya mafumu akale, tsiku lililonse amayambiranso pansi.

Zopewa zilipo ziwiri. Choyamba ndi mafilimu a nkhonya ndi mfuti, chifukwa mawu ndi ochepa ndipo phokoso limawakwirira. Chachiwiri ndi mafilimu aja a m'mavidiyo amene wina amamasulira m'chilankhulo chathu akulankhula pamwamba pa eni filimu. Amasangalatsa ndithu, koma mawu amene mukufuna kuphunzira ndi omwe aphimbidwawo.

MUULUTSI: Nanga munthu angadziwe bwanji kuti sewero limene wasankha silinamukulire?

MPHUNZITSI: Akatswiri awiri, Stuart Webb ndi Michael Rodgers, mu 2009 anawerenga mawu a m'mapulogalamu a pa kanema ndi a m'mafilimu a Chingerezi. Anapeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu ofala pafupifupi 3,000, kuphatikizapo mayina a anthu ndi malo, kuti azindikire mawu 95 pa 100 alionse olankhulidwa. Kafukufukuyo anali wa Chingerezi, koma phunziro lake likutikhudza: ngakhale amene akudziwa mawu 3,000 amaphonyabe liwu limodzi pa 20 alionse. Ndiye woyamba kumene asadzione ngati mbuli akalephera kumva gawo lathunthu. Gawo lathunthu si saizi yake. Saizi yake ndi mphindi ziwiri.

Poyesa, tengani kachigawo ka mphindi ziwiri, muyatse mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, ndipo muwerenge mizere 20. Ngati mwa mizere imeneyo mukumvako tanthauzo la mizere yosafika 10, kachigawoko kakukulirani. Funani kena komwe anthu akupatsana moni, akudya, akugula kanthu kapena akufunsana njira. Makatuni a ana aang'ono nawonso ndi poyambira pabwino, chifukwa amalankhula pang'onopang'ono ndipo chimene chikutchulidwa chimaonekera pomwepo.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Mwatchula mawu olembedwa m'munsi. Ambirife kuno Chingerezi timachiwerenga. Kodi si bwino kuyatsa a Chingerezi kuti tizimva zonse?

MPHUNZITSI: Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mukayatsa a Chingerezi, mumakhala mukuwerenga Chingerezi, ndipo Chipwitikizi chimangodutsa. Nkhani muimva, koma khutu siliphunzira kanthu. Ku Netherlands mu 2009, Holger Mitterer ndi James McQueen anayesa zimenezi. Anaonetsa anthu a kumeneko mafilimu a Chingerezi cha katchulidwe kachilendo, cha ku Scotland ndi cha ku Australia. Ena anaonera ndi mawu a m'munsi a Chingerezi, ena ndi a chilankhulo chawo. Pambuyo pake anawapatsa mawu oti amvetsere n'kubwereza. Amene anawerenga a Chingerezi anamva bwino koposa, ngakhale mawu atsopano amene sanali mufilimu. Amene anawerenga a chilankhulo chawo sanathandizidwe pa mawu atsopanowo, ndipo anachita moipirako. Chifukwa chake n'chosavuta. Mawu olembedwa m'chilankhulo chomwecho amauza khutu kuti phokoso lija mwamva ndi liwu ili. Mawu a chilankhulo china amangouza mutu tanthauzo.

Ndiye lamulo ndi ili: mawu a m'munsi akhale a Chipwitikizi. A Chingerezi muwayatse kamodzi kokha, pamene mwasokonezekeratu, kenaka muwazimitse. Pa foni, pa YouTube, dinani pamene palembedwa CC, ndipo pa zosankha mupeze Subtitles kapena Legendas, musankhe Portuguese kapena Português.

MUULUTSI: Kodi mawu olembedwawo amafanana nthawi zonse ndi olankhulidwa?

MPHUNZITSI: Ayi, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musadziimbe mlandu. Malo a m'munsi ndi aang'ono, mizere iwiri basi, ndiye wolemba amafupikitsa zimene zalankhulidwa. Chachiwiri, pa YouTube mukaona palembedwa auto-generated, dziwani kuti walemba ndi makina, ndipo amalakwitsa kwambiri anthu akamalankhulira pamodzi kapena nyimbo ikamalira. Chachitatu, masewero a ku Turkey kapena ku Mexico amene anaikidwa mawu a Chipwitikizi kawirikawiri amamasuliridwa kawiri, kwa olankhula padera, kwa olemba padera, ndiye ziwirizo zimasiyana. Chizindikiro chake n'chakuti mumva mawu anayi koma m'munsi mwalembedwa ena osafanana nawo n'komwe. Zikatero m'mizere yambiri, sinthani sewero. Labwino ndi limene linaseweredwa m'Chipwitikizi kuyambira pachiyambi.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Tsopano tiyendetseni, Aphunzitsi. Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba zouma, madzulo wamaliza ntchito, ali ndi foni, kope ndi bolopeni. Achite chiyani?

MPHUNZITSI: Ali ndi mphindi 30. Wasankha kachigawo ka pa msika. Kachigawo kameneka ndakalemba ndekha motsanzira kalankhulidwe ka m'novela za ku Brazil, kuti tikhale ndi chogwirapo. Ine ndikhala wogula, inu wogulitsa. Omvera mutchere khutu.

(AWERENGA MWACHANGU, NGATI M'SEWERO)

MPHUNZITSI: Bom dia, dona. Quanto custa o peixe?

MUULUTSI: Duzentos.

MPHUNZITSI: Tá caro demais! Faz um desconto pra mim.

MUULUTSI: Leva três e paga quinhentos.

MPHUNZITSI: Zikomo. Ulendo woyamba, mayi uja aonere kachigawoko popanda mawu a m'munsi, osaimitsa. Akamaliza adzifunse mafunso atatu: akulankhula ndani, ali kuti, akufuna chiyani? Ayankha kuti ndi pa msika, mwamuna akufuna nsomba, ndipo akuoneka kuti akudandaula za mtengo. Zimenezi wazipeza ndi maso, ndipo n'zokwanira pa ulendo woyamba.

Ulendo wachiwiri aonerenso popanda mawu a m'munsi, koma bolopeni ili m'manja. Alembe chilichonse chimene khutu lagwira, m'kalembedwe kathu, mmene chamvekera. Mwina alemba “bonjiya”, “kwantukusta”, “takaru”. Asachite manyazi ndi zimenezi, chifukwa ndizo zisonyeza pamene khutu lake lili lero.

Ulendo wachitatu ayatse mawu a m'munsi a Chipwitikizi, aziimitsa pa mzere uliwonse, n'kufananiza ndi zimene analemba. Apa ndi pamene maphunziro enieni amachitikira. Apeza kuti “bonjiya” ndi mawu awiri, “bom dia”, moni wa m'mawa, ndipo kuti anthu ambiri a ku Brazil amatchula “dia” ngati “jiya”. Apeza kuti “kwantukusta” ndi “quanto custa”, kutanthauza kuti ndi zingati, ndi kuti o wa kumapeto kwa liwu amamveka ngati u. Apezanso kuti “takaru” ndi “tá caro”, kuti zadula. Akafuna “tá” m'dikishonale mwina samupeza, chifukwa ndi chidule cha “está”, monganso “pra” ndi chidule cha “para”. Buku limaphunzitsa mawu athunthu, koma anthu amawameza polankhula. Kumva mawu omezedwawa ndi chinthu chimene filimu imaphunzitsa kuposa buku.

MUULUTSI: Nanga akalephera kumva ngakhale akuwerenga?

MPHUNZITSI: Achepetse liwiro. Pa YouTube pali Playback speed, ndipo pa VLC paliponso. Asankhe 0.75. Asatsike kupitirira apo, chifukwa mawu amayamba kukokeka ndipo samvekanso ngati a munthu. Akamva kawiri pa liwiro lochepa, abwezere pa liwiro lake lenileni, poti ku Zumbo palibe amene adzamuchepetsere liwiro.

Pa ulendo womwewo afufuze tanthauzo la mawu ochepa okha, amene akutsekereza nkhani. “Duzentos” ndi 200. “Quinhentos” ndi 500. “Leva três” ndi kuti tengani zitatu. Akawerengera, aona kuti nsomba zitatu pa 200 iliyonse zikanakhala 600, ndiye wogulitsa wachotsapo 100. Akafika pozindikira zimenezi, kachigawoko wakamvadi.

Ulendo wachinayi ndi wa pakamwa. Aimitse pambuyo pa mzere uliwonse n'kuubwereza mokweza, kutsanzira ndi kakwezedwe ka mawu komwe, ngati mwana woyeseza agogo ake. Mzere uliwonse katatu. Kenaka ayese kulankhulira pamodzi ndi wosewerayo osaimitsa. Ngati foni ili ndi chojambulira mawu, adzijambule n'kudzimvera, chifukwa munthu akamalankhula samva zolakwa zake.

MUULUTSI: Zolakwa zotani, kwa ife olankhula Chinyanja?

MPHUNZITSI: Chachikulu ndi l ndi r. Kwa ife ziwirizi sizisintha tanthauzo la liwu, koma m'Chipwitikizi zimasintha. Mvetserani mawu atatu awa. “Caro”, ndi r mmodzi wogunda lilime kamodzi, ndi chinthu chodula. “Carro”, ndi r awiri, ndi galimoto, ndipo ku Brazil amamveka ngati “kahu”. “Calo”, ndi l, ndi chikundu cha m'manja kapena kuphazi. Ndiye amene akufuna kunena kuti nsomba yadula achenjere asanene za chikundu. Cholakwa chachiwiri ndi chizolowezi chathu chowonjezera mawu kumapeto kwa liwu lililonse. “Três” timafuna kunena “teresi”, “dez” timafuna kunena “dezi”. Mukadzimvera pa foni mudzazigwira nokha, ndipo mankhwala ake ndi kubwereza liwulo pambuyo pa wosewera mpaka litafupika.

Ulendo wachisanu, wotsiriza, azimitse mawu a m'munsi, atembenuze foni chafufumimba, amvetsere ndi khutu lokha. Ngati tsopano akumva mawu paokhapaokha pamene poyamba panali phokoso, ntchito ya tsikulo yatheka. Ngati pali mzere umene ukukanabe, aulembe chizindikiro n'kuusiyira mawa.

MUULUTSI: M'kope muja alembamo chiyani chokhalitsa?

MPHUNZITSI: Ziganizo zathunthu zisanu, osati mawu apaokha. Amene walemba “desconto” yekha sadzadziwa kumugwiritsa ntchito. Amene walemba “faz um desconto pra mim”, kuti ndichotsereniko, ali ndi chida chokwanira. Asankhe ziganizo zimene iyeyo angazinene sabata yomweyo. Kumanzere kwa tsamba alembe Chipwitikizi, kumanja Chinyanja. Mawa, asanayambe kachigawo katsopano, aphimbe kumanzere n'kuyesa kunena zadzulo. Abwerezenso pakapita masiku atatu, ndiponso pakatha sabata. Ziganizo zisanu pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi 25. Pa masabata anayi ndi 100. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene amalemba mawu 40 usiku umodzi amatopa, ndipo pofika Lachitatu kope lasanduka loyatsira mbaula.

MUULUTSI: Kodi ndiye kuti asamaonerenso gawo lathunthu mongosangalala?

MPHUNZITSI: Aonere ndithu, akamaliza mphindi 30 zija. Kuonera kwa mtundu umenewo kuli ndi ntchito yake: ziganizo zimene waphunzira amakumana nazonso m'kamwa mwa anthu ena, ndipo zimakhazikika. Koma pamenepo asaimitse, asalembe, angotsata nkhani. Ziwirizi ndi ntchito zosiyana, monga kusoka ukonde ndi kuuponya m'madzi.

Pa za netiweki ndi ndalama ya bandulo, njirayi ndi yotsika mtengo chifukwa kachigawo kamodzi kamagwira ntchito usiku wonse. Mukapeza netiweki yabwino, sungani magawo angapo mufoni, koma muonetsetse kuti mawu a m'munsi asungika nawo. Ndipo mahedifoni, ngakhale otchipa, amathandiza kwambiri, chifukwa sipika ya foni imameza mawu a kumapeto, amene ndi omwe amasonyeza ngati chinthu chili chimodzi kapena zambiri.

(KANYIMBO KAFUPI)

MUULUTSI: Pali chimene chikundidetsa nkhawa. Novela zambiri ndi za ku Brazil. Mayi uja akupita ku Zumbo, osati ku Brazil. Adzamvana nawo?

MPHUNZITSI: Adzamumva, chifukwa anthu a ku Mozambiki aonera novela za ku Brazil kwa zaka zambiri. Vuto lili kwa iye, kuti mwina sadzawamva iwo, ngati sanachenjezedwe. Kusiyana kuli patatu.

Poyamba ndi katchulidwe. M'novela, “dia” ndi “jiya” ndipo “noite”, usiku, ndi “noichi”. Kutsidya kuja d ndi t amakhala mmene alili, “diya”. Amene anazolowera novela amadikira kumva “chi” ndi “ji”, ndipo sazimva.

Kachiwiri ndi mawu enieni. Basi ku Brazil ndi “ônibus”, ku Mozambiki ndi “machimbombo”, ndipo minibasi ndi “chapa”. Chakudya cha m'mawa ku Brazil ndi “café da manhã”, ku Mozambiki ndi “mata-bicho”. Sitima ya pamtunda ku Brazil ndi “trem”, ku Mozambiki ndi “comboio”. Munda ndi “machamba”, chitenje ndi “capulana”, ndipo “maningue” ndi kuti kwambiri. Ndalama ya ku Brazil ndi “real”, ya kutsidya ndi “metical”, zikachuluka “meticais”. Ndipo nali liwu limene simudzalimva m'novela ya ku Brazil koma mulidziwa kale: “bacela”. Ndi mbasela yathu yomwe ija, kansomba kowonjezera pamwamba pa mulu.

Kachitatu ndi kamangidwe ka chiganizo. Pofuna kunena kuti ndikugwira ntchito, wa ku Brazil amati “estou trabalhando”, pamene ku Mozambiki mudzamva kawirikawiri “estou a trabalhar”. Zonse n'zolondola, koma khutu lizolowere zonse ziwiri.

MUULUTSI: Ndiye mankhwala ake n'chiyani?

MPHUNZITSI: Pa masiku asanu aja, awiri akhale a zinthu za ku Mozambiki. Nkhani za pa TVM, STV kapena Miramar zimakupatsani katchulidwe ka kutsidya, makamaka pamene atolankhani akufunsa anthu wamba pa msika kapena m'munda. Kuyambira mu 2022 pa DStv pali tchanelo cha Maningue Magic, cha masewero a ku Mozambiki komweko. Pa mafilimu, ilipo Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, ya mu 2016. Imakamba za sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Malawi nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, itanyamula anthu opita kukasinthanitsa mchere ndi shuga. Ndi nkhani imene wamalonda wa pa malire aliyense angaimve mumtima. Iliponso Resgate ya Mickey Fonseca, ya mu 2019, ya moyo wa ku Maputo. Mafilimu awiriwa ali ndi zithunzi zankhanza, ndiye ndi a akuluakulu, osati ana.

Ndichenjezenso za ulemu. Novela imakhalira mikangano. Anthu ake amalalatirana, amatukwanizana, amalankhula ngati okwatirana okwiyirana. Chiganizo chilichonse musanachitenge, dzifunseni kuti akunena ndani, kwa yani, nkhope ili bwanji. Kwa mkulu wa pa ofesi kapena munthu wachikulire, musagwiritse “tu”, amene ali ngati “iwe” wathu. Nenani “o senhor” kwa bambo, “a senhora” kwa mayi, monga mmene ife timanenera “inu” kapena “a” patsogolo pa dzina. Ndipo liwu limene wosewera walinena atatuzula maso, lisiyeni mpaka mutafunsa munthu wodziwa.

MUULUTSI: Munthu adzadziwa bwanji kuti akupita patsogolo, kapena kuti akungodzinamiza?

MPHUNZITSI: Sabata yoyamba, sankhani kachigawo kamodzi, mukaonere kamodzi popanda mawu a m'munsi, mulembe mawu amene mwagwira, muike deti, ndipo musakakhudzenso. Pakatha mwezi, mukaonerenso kamodzi n'kuwerenga mawu amene mwagwira tsopano. Ngati achuluka, njira ikuyenda. Ngati sanasinthe, fufuzani zifukwa zitatu. Mwina mwakhala mukuwerenga Chingerezi m'munsi. Mwina mumadumpha ulendo wachiwiri ndi wachisanu, omwe ndi a khutu. Kapena sewero lakukulirani. Chizindikiro china n'chakuti mukatseka maso zonse zimazimirira. Pamenepo dziwani kuti akhala akuphunzira ndi maso, ndipo muwonjezere nthawi yomvetsera foni ili chafufumimba.

MUULUTSI: Ndipo chimene filimu singathe n'chiyani?

MPHUNZITSI: Filimu siyankha. Mukalakwitsa sikukonzani, ndipo sikufunsani funso limene simunakonzekere. Siphunzitsanso kulemba kalata kapena kudzaza fomu, zimenezo zimafuna buku ndi mphunzitsi. Anthu a kutali ndi malire amasowa wolankhula naye, koma ife tili nawo tsidya lina la mtsinje, ndipo ena amawolokera kuno tsiku lililonse. Ndiye mayi wathu uja, ulendo wotsatira akakwera bwato, atenge ziganizo zitatu zokha m'kope lake. Akafika kwa wogulitsa amene amamudziwa, apereke moni mwachizolowezi, kenaka afunse mtengo m'Chipwitikizi. Wogulitsayo akayankha mwachangu, anene kuti “devagar, por favor”, kuti pang'onopang'ono chonde. Akamva liwu lachilendo, afunse kuti “o que quer dizer?”, kuti likutanthauza chiyani. Mwayi wake ndi wakuti yankho likhoza kubwera m'Chikunda kapena m'Chinyungwe, chimene amamva. Madzulo akabwerera, alembe m'kope mmene munthu wa kutsidya wanenera chiganizo chija, pansi pa mmene novela inanenera. Mizere iwiriyo ikasiyana, wa ku Zumbo ndiwo agwiritse ntchito ku Zumbo.

MUULUTSI: Ana a sukulu amene akulimbana ndi Chingerezi, njirayi ingawathandize?

MPHUNZITSI: Ndi yomweyo. Kachigawo ka mphindi ziwiri, maulendo asanu, mawu a m'munsi a Chingerezi, ziganizo zisanu m'kope. Angosankha sewero limene Chingerezi chake n'chosasakaniza ndi zilankhulo zathu, chifukwa zikasakanizidwa khutu limathamangira kumene kuli kosavuta.

MUULUTSI: Omvera athu, ntchito ya sabata ino nayi. Usiku uno sankhani kachigawo kamodzi ka mphindi ziwiri, ka pa msika kapena ka moni. Kaonereni kasanu: koyamba ndi maso, kachiwiri mukulemba zimene mwamva, kachitatu ndi mawu a m'munsi a Chipwitikizi, kachinayi mukubwereza mokweza, kachisanu foni ili chafufumimba. Lembani ziganizo zisanu. Ndipo lisanafike tsiku ngati lomwe lino sabata yamawa, chimodzi mwa izo mukachinene kwa munthu wa kutsidya, kaya pa doko, kaya pa msika.

MPHUNZITSI: Amene muwoloke mawa, mukafunse mtengo, mukapemphenso “bacela”. Muwoloke bwino.

MUULUTSI: Tsalani bwino nonse. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA: IKWERE MPAKA KUMAPETO)